Foni Imafera Pati?

Foni ija inatenga mphindi zitatu ndi masekondi 10. Pa nthawi yonseyo, mayi amene anali mbali inayo anatsegula pakamwa katatu kokha. Poyamba anati, "Halo." Chapakati anati, "Eee." Pomaliza anati, "Chabwino, ndiganizira kaye," n'kudula. Mawu ena onse anali a mnyamata wathu: mababu anayi, batire losunga moto usiku wonse, potchajira foni, kawailesi, dipoziti yochepa, kulipira pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Zonsezo anazitchula bwinobwino, sanaphonye ngakhale chimodzi, ngati mwana wa sukulu amene akunena ndakatulo pa asembule.

Tinali awiri m'kachipinda kochitira misonkhano, Lachisanu masana, pa kampani ina yogulitsa zipangizo za sola mu Lilongwe. Ine ndinkayang'anira gulu la anthu 9 otsatsa malonda pafoni. Mawu ojambulidwawo atatha sindinanene kanthu. Mnyamatayo anavula mahedifoni, n'kuyang'ana pansi kwa kanthawi.

"Abwana," anatero, "mayiwa ndawafunsapo chilichonse ngati?"

"Funso limodzi lilipo, achimwene. Pa mphindi yachiwiri mwawafunsa kuti, 'Mukundimva?'"

Anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa munthu amene waponda moto. Pa miyezi itatu imene anagwira nafe ntchito, kameneka kanali koyamba kudzimva yekha mmene amamvekera m'khutu la kasitomala.

Miyezi itatuyo sinamuyendere. Anzake ankagulitsa zipangizo pafupifupi 20 pa mwezi, pamene iye anagulitsa 6, kenako 7, kenako zisanu. Komishoni yake sinkakwana ngakhale ya minibasi. Akuluakulu anali atandinong'oneza kale kuti mwezi wachinayi ukakhala chimodzimodzi, aone msana wa njira. Ndipo ndivomere kuti pa miyezi imeneyo ine ndinkachita zimene oyang'anira ambiri amachita. Lolemba lililonse m'mawa ndinkamuuza kuti alimbikire, kuti tageti ndi 20, kuti azidzikhulupirira. Ankavomera ndi mtima wonse, n'kubwerera pa desiki yake kukachita ndendende zimene ankachita dzana. Kuuza munthu kuti "gulitsani zambiri" n'chimodzimodzi kuuza wodwala kuti "chirani". Iye akufuna kale kuchirako. Chimene sakudziwa n'chakuti nthenda ili pati.

Musanamvetsere foni ngakhale imodzi, yambani mwayang'ana manambala, chifukwa ndi amene amakulozerani poika khutu. Pa ntchito yoimba mafoni pali masitepe anayi amene amawerengeka mosavuta: mafoni amene munthu waimba, amene ayankhidwa, amene macheza ake apitirira mphindi ziwiri kapena zitatu, ndi amene atha ndi malonda. Mukaika manambala a wofookayo pambali pa a anzake, mumaona sitepe imene amatsalira. Ngati akuimba mafoni ochepa, vuto ndi ulesi, mantha kapena kusasamala nthawi, ndipo mawu ojambulidwa sangakuuzeni zambiri. Ngati akuimba mokwanira koma anthu sakuyankha, onani manambala amene wapatsidwa ndi nthawi imene amaimbira; mlimi samva foni 9 koloko m'mawa mu Disembala, ali kumunda. Mnyamata wanga ankaimba mafoni 60 pa tsiku ngati wina aliyense, ndipo pafupifupi 24 ankayankhidwa, mofanananso ndi anzake. Kusiyana kunali pa sitepe yachitatu. Anzake ankakhala ndi macheza enieni 10 pa tsiku, iye anayi. Anthu ankamuyankha, koma ankamuthawa msanga. Ndiye kuti foni yake inkafera koyambirira, ndipo kumeneko n'kumene ndinayenera kumvetsera.

Kasankhidwe ka mafoni omvetsera kali ndi msampha wake. Woyang'anira amene watopa naye munthu amasankha mafoni oipitsitsa kuti akhale ndi umboni. Wogulitsa akauzidwa kuti asankhe yekha amabweretsa amene anagulitsa. Onse awiri akunama. Ine ndinazolowera kutenga mafoni asanu a sabata imodzi: awiri amene anaduka mphindi isanathe, awiri amene anatalika koma osagulitsa, ndi imodzi imene inatha bwino. Yomalizayo siiperekedwa pofuna kumutonthoza ayi. Nthawi zambiri m'menemo ndi mmene muli chinthu chimene munthuyo amachita mosadziwa zikamamuyendera, ndipo n'kosavuta kumuuza kuti "chitaninso zimene munachita apa" kusiyana ndi kumuphunzitsa za munthu wina. Mafoni asanuwo ndimayamba ndamvetsera ndekha, ndili ndi pepala ndi wotchi ya pafoni. Ndimalemba zinthu zitatu zokha: nthawi imene wogulitsa wayankhula poyerekeza ndi kasitomala, mafunso amene wafunsa, ndi sekondi yeniyeni imene mawu a kasitomala asinthira. Chachitatuchi chimamveka mukazolowera. Munthu amene amayankha kuti "Eya, ndikumva" amayamba kungoti "mm", kapena mumamva akuyankhula ndi mwana pambali. Apo foni yafa kale, ngakhale ipitirire mphindi zina ziwiri.

Pa foni ya mayi aja, mnyamatayo anayankhula mphindi ziwiri ndi masekondi 50. Mayiwo anamusiya pa sekondi ya 40, ali pakati pofotokoza za batire. Koma pa foni imodzi ija imene anagulitsa panachitika kanthu kena. Bambo amene anayankha anamudula mawu koyambirira, n'kuyamba kudandaula kuti mwana wawo wa Sitandade 8 amawerengera tochi, ndipo mabatire sakulimba. Mnyamatayo, posowa chochita, anangomvetsera, n'kufunsa kuti mabatirewo amagula kangati. Bambowo anadzigulitsa okha.

Pano ndifotokoze cholakwa changa, chifukwa Lachisanu lija silinali loyamba kuyesa. Mwezi umodzi m'mbuyomo ndinaika foni ya mtsikana wina wa m'gulu lomwelo pa sipika, anzake onse akumva, poganiza kuti onse atolapo phunziro. Nditamaliza ndinamuwerengera zolakwa 11 zimene ndinalemba. Zonse zinali zoona. Mtsikanayo anamvetsera ali duu, ndipo sabata yotsatira mawu ake pafoni anazizira ngati a munthu wowerenga uthenga wa maliro. Ankaopa kulakwitsa mwakuti anasiya kucheza ndi makasitomala. Patapita nthawi ndinadzamva za kafukufuku amene akatswiri awiri, Avraham Kluger ndi Angelo DeNisi, anatulutsa mu 1996. Iwo anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wambiri wokhudza kuuza anthu mmene agwirira ntchito, ndipo anapeza kuti ngakhale kawirikawiri kumathandiza, pa maulendo opitirira limodzi mwa magawo atatu alionse ntchito imatsika m'malo mokwera. Anafotokoza kuti zimaipa makamaka maganizo a munthu akachoka pa ntchitoyo n'kupita pa iye mwini: kodi ndine wolephera, kodi anzanga akundiona bwanji. Sipika ija inachita zimenezo. Kuchokera pamenepo foni ya munthu timamvetsera awiri, chitseko chili chotseka, ndipo woyamba kuyankhula ndi mwini wake. Ndimangofunsa kuti, "Mwamvapo chiyani?" ndi "Kasitomalayu watisiya pati?" Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Cholakwa chimene munthu wadzitulukira yekha sakangana nacho.

Pepala langa la mnyamata uja linali ndi zinthu 7. Ankathamanga poyankhula, ankaiwala kutchula dzina la kasitomala, ankapepesa akamanena mtengo, sankapangana tsiku loimbanso, ndi zina zotero. Ndinamuuza chimodzi chokha. Zina 6 ndinazipinda n'kuika m'diresi ya desiki... ndikutanthauza m'dirowa, mmene zinakhalamo mpaka nthawi yake. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Munthu amene akuyankhula ndi mlendo pafoni sangasunge malangizo 7 m'mutu n'kumamvanso zimene mlendoyo akunena.

Maganizo amenewa si anga. Neil Rackham, amene gulu lake linafufuza macheza a malonda okwana 35,000 kwa zaka 12, analemba zimene anapeza m'buku lotchedwa SPIN Selling mu 1988. Anaona kuti pa malonda akuluakulu ogulitsa opambana amafunsa kwambiri, ndipo amachititsa wogula kunena yekha vuto lake ndi zimene vutolo likumutayitsa. Chakumapeto kwa bukulo anapereka malangizo a kaphunziridwe ka luso latsopano: phunzirani khalidwe limodzi pa nthawi imodzi, liyeseni katatu kapena kupitirira musanagamule kuti siligwira ntchito, yambani n'kulichita kambirimbiri musanadandaule za kulichita bwino, ndipo musaliyesere pa malonda amene simungafune kuwataya. Kafukufuku wake anali wa makampani aakulu a kunja, osati wa mayi wogula sola ku Mitundu. Komabe kwa banja la kumudzi, kulonjeza kulipira sabata iliyonse kwa miyezi yambiri ndi malonda aakulu ndithu, ndipo munthu salowa pangano lotero chifukwa chomva mndandanda wa mababu.

Cholinga cha sabata yoyamba tinachilemba pa kapepala n'kumata pa kompyuta yake: pa foni iliyonse imene yayankhidwa, akamaliza kudzidziwitsa, afunse mafunso awiri asanatchule chilichonse cha katundu wathu. Mafunsowo anawapanga yekha. "Kunyumbako usiku mumaunikira chiyani?" ndi "Nanga foni mumatchajitsa kuti?" Tinapangana kuti Lachisanu ndidzatola mafoni 10 mwachisawawa, ndipo tikufuna mafunsowo amveke pa mafoni 7.

Taonani kuti pa kapepalako panalibe mawu akuti "gulitsani". Pali zifukwa ziwiri. Choyamba, kugula kuli m'manja mwa kasitomala, pamene kufunsa kuli m'kamwa mwa wogulitsa. Cholinga chimene munthu sangachikwanitse ndi mphamvu zake zokha chimabala nkhawa kapena bodza. Chachiwiri ndi masamu. Munthu amene amagulitsa zipangizo 6 pa mwezi amagulitsa chimodzi kapena ziwiri pa sabata. Sabata ina akagulitsa zitatu, ina osagulitsa konse, simungadziwe ngati wasintha kapena wangokumana ndi anthu amene alandira kumene ndalama za soya. Nambala yaing'ono chotero imavina yokha. Koma mafoni oyankhidwa ndi oposa 100 pa sabata, ndipo ngati funso lafunsidwa kapena ayi zimamveka poyera, palibe zokangana. Akatswiri ena awiri, Edwin Locke ndi Gary Latham, amene anathera zaka zambiri akufufuza za zolinga pa ntchito, anasonyeza kuti cholinga chotchulika bwino ndi chovutirapo chimaposa mawu akuti "yesetsani". Koma zinapezekanso kuti ntchito ikakhala yovuta ndipo munthu sanaidziwe, kumupatsa nambala ya zotsatira kumamusokoneza. Amafunika kaye cholinga cha chimene aphunzire. Tageti ya 20 sinachoke pa bolodi, akuluakulu sakanalola. Ine ndinangosiya kuitchula kwa iye.

Tisanatuluke m'chipindamo tinayeserera. Ine ndinakhala kasitomala, iye akundiimbira tili mipando yoyang'ana kosiyana kuti tisaonane nkhope. Katatu konse anayamba ndi mababu, chifukwa lilime linali litazolowera. Kachinayi anakumbuka. Mphindi 10 zimenezi ambiri amazidumpha, koma popanda zimenezo wogulitsa amakayesera pa kasitomala weniweni, zikamupotokera n'kubwerera ku zakale tsiku lomwelo.

Lachisanu lotsatira mafunso anamveka pa mafoni 6 mwa 10, ndipo sabata yonse anagulitsa chipangizo chimodzi. Anabwera nkhope ili yakugwa.

"Abwana, njira yanuyi ikundipha. Bola kale ndimamaliza zonena zanga."

Kutsika kotere kumachitika, ndipo ndi bwino kumuchenjeza munthu kusanachitike. Wasiya njira imene amaidziwa, yatsopanoyo sanaigwire. Titamvetsera tinapeza chifukwa china. Ankafunsadi, koma ngati wapolisi pa rodibuloko. Mayi akayankha kuti "timagwiritsa tochi", iye asanamalize n'komwe kumva anali ataponya kale funso lachiwiri, kenako n'kuyamba ndakatulo yake ija. Mafunso anali ngati chipata chongodutsapo. Sitinasinthe cholinga, tinangowonjezera kanthu kamodzi pa sabata yachiwiri: kasitomala akayankha, abwereze zimene wamvazo m'mawu ake, n'kufunsa kuti zimatha ndalama zingati. Chizindikiro chake chinali chosavuta: pa mafoni 10, kodi ndi angati amene kasitomala watchula yekha nambala ya ndalama?

Foni imene inamutembenuza inabwera Lachitatu la sabata imeneyo. Ndinaimvetsera kangapo, moti ndimaikumbuka bwino. Anali mayi wa okala kufupi ndi msika wina m'boma la Dowa.

"Ndiye mwati mumaunikira tochi, mayi. Mabatire mumagula kangati?"

"Aa, pa sabata kawiri. Mabatire a masiku ano ndi madzi okhaokha."

"Zimakwana zingati pa sabata?"

Panakhala chete kwa masekondi anayi. Kale akanalumphira pomwepo. Ulendo uno anapirira.

"Mwina K1,500. Ndiye palinso mafoni, yanga ndi ya abambo. Kutchajitsa ndi K200, katatu pa sabata iliyonse."

"Ndiye kuti mafoni awiriwo ndi K1,200. Kuphatikiza mabatire, K2,700 pa sabata."

"Ii, koma ndiye zambiri. Sindinawerengepo."

"Nanga okala mumatseka nthawi yanji?"

"Kukangoda. Ndigulitsa bwanji mumdima?"

Pa nthawiyo chipangizo chathu chinkalipiridwa K3,500 pa sabata. Sichinali chotchipa kuposa tochi, ndipo mnyamatayo sananame kuti n'chotchipa. Koma mayiwo sankayerekezanso K3,500 ndi ziro. Ankayerekeza ndi K2,700 imene ankataya kale, ndiponso ndi makasitomala a madzulo amene ankabwerera pakhomo potseka. Kusiyana kwa K800 anakuwerengera okha. Za kawailesi sizinatchulidwe mpaka pomaliza. Pa foni imeneyo mayiwo anayankhula nthawi yochuluka kuposa wogulitsa, ndipo inatha mphindi 9.

Sabata yachitatu ndinatulutsa chinthu china m'dirowa muja, nkhani ya mtengo. Akafika ponena ndalama mawu ake ankatsika, n'kunena kuti, "Ndi K3,500 pa sabata, komabe ndikudziwa kuti zinthu zavuta, mwina mutha kuganizira kaye." Taonani, mawu akuti "ndiganizira kaye" amene ankadandaula nawo kuti makasitomala amamukanira, ankawapatsa yekha! Ogulitsa ambiri ofooka amatero chifukwa amayeza mtengo ndi thumba lawo. Iye mwini analibe K3,500 yapadera, ndiye ankachita manyazi kuipempha kwa munthu wakumudzi. Cholinga chinali chakuti anene mtengo, dipoziti ndi kutalika kwa pangano momveka, kenako atseke pakamwa mpaka kasitomala ayankhule. Ichi sichinamuvute kwambiri. Anachita pa mafoni 8 mwa 10.

Sabata yachinayi ndi imene inandiphunzitsa ine. Anthu ambiri amati, "Ndifunse kaye abambo akunyumba," kapena "Ndikagulitsa mtedza." Kuno kwathu zimenezi nthawi zambiri si kukana. Ndalama yaikulu situluka m'banja popanda kukambirana, ndipo munthu waulemu safuna kukuuzani kuti ayi maso ndi maso, choncho muyenera kusiyanitsa wokana mwaulemu ndi wofunadi kukafunsa. Njira yake ndi kupempha tsiku ndi ola: "Ndiimbenso liti pamene abambo adzakhale ali pakhomo?" Wofunadi amatchula nthawi. Wokana amati, "Ndidzakuimbirani ndine." Tinaika cholinga chakuti apangane nthawi yoimbanso ndi anthu 15 pa sabata, ndipo poti ndinali wotanganidwa ndinati ndidzawerenga pa kompyuta, pamene ogulitsa amalemba zotsatira za foni iliyonse. Lachisanu panali 19. Ndinasangalala, mpaka nditatsegula mafoni asanu mwa amenewo. Pa atatu panalibe pangano lililonse. Kasitomala anati "ndiganizira", iye n'kulemba "Lachiwiri 2 koloko".

Sindinamutche wabodza. Ndinamuseweretsa foni imodzi n'kumuonetsa zimene analemba.

"Lachiwiri limeneli lachokera kuti, achimwene?"

"Ndimati ndidzangowaimbira ndithu, abwana."

"Kuwaimbira mudzawaimbira. Koma iwo akudziwa?"

Mlandu unali wa tonse awiri. Cholinga chilichonse chimene chimawerengedwa pa zimene wogulitsa walemba yekha chimakopa munthu kulemba m'malo mochita. Tinachikonza kuti chiziwerengedwa pokhapokha tsiku ndi ola zatuluka m'kamwa mwa kasitomala, zikumveka pa mawu ojambulidwa. Nambala inatsika kufika pa 9, koma 9 ameneyo anali weniweni, ndipo anayi mwa iwo anadzagula.

Pali bodza lina loopsa kuposa limeneli, limene woyang'anira ayenera kulitchera khutu pamene wofooka wayamba kugulitsa. Munthu amene akuopa kuchotsedwa ntchito amayamba kufewetsa choonadi. Sanena kuti chipangizo chimazima chokha ukapanda kulipira, kapena amasiya kasitomala akuganiza kuti dipoziti ndiye mtengo wonse. Malonda otere amaoneka bwino pa bolodi mwezi uno, koma miyezi iwiri ikadutsa kasitomala wasiya kulipira, wakwiya, ndipo mudzi wonse wamva kuti ndinu akuba. N'chifukwa chake pa mafoni a Lachisanu ndimaikamo nthawi zonse imodzi imene inagulitsa, ndipo ndimamvetsera mpaka kumapeto.

Mawu ojambulidwawo ndi a anthu, ndipo amafuna ulemu. Kasitomala auzidwe koyambirira kuti foniyo ikujambulidwa, ogulitsa nawo adziwe kuyambira tsiku lolembedwa ntchito kuti mafoni awo amamvetseredwa ndiponso ndi ndani. M'mafoniwo anthu amatchula maina, midzi yawo, ngongole zawo, ngakhale matenda a m'banja. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu limene linakhazikitsidwa mu 2024, ndipo bungwe la MACRA ndi limene linapatsidwa udindo woliyang'anira. Koma ngakhale popanda lamulo, foni ya kasitomala siyenera kuyenda pa gulu la WhatsApp la ku ofesi kuti anthu aseke Chichewa chake.

Njira imeneyi siichiza aliyense, ndipo ubwino wina wa kumvetsera ndi wakuti umakuuzani pamene vuto si la wogulitsa. M'gulu lomwelo munali bambo wina wachikulire amene manambala ake anagwa mwadzidzidzi. Nditamvetsera sindinapeze chokonza: ankafunsa bwino, ankadekha, mtengo ankaunena mosanjenjemera. Koma makasitomala ake ambiri ankayankha m'Chitumbuka, iye n'kumapitiriza m'Chichewa, macheza n'kumauma. Wina anali atamupatsa manambala a ku Mzimba ndi ku Rumphi. Titasinthanitsa mndandandawo ndi mnzake wa kumpoto, nkhani inathera pomwepo. Ndikanamuika pa zolinga za sabata ndikanangomunyoza. Palinso amene zolinga zing'onozing'ono zimamuulula mwanjira ina. Ngati munthu walephera chinthu chimene chili m'kamwa mwake, chimene anachichita bwino poyeserera, kwa masabata atatu otsatizana, vuto si luso. Mwina ntchitoyo sakuifuna, mwina kunyumba kuli zina. Apo macheza ake ndi ena, ndipo mahedifoni sathandiza. Woyang'anira naye aziyeza mphamvu zake. Munthu mmodzi amandidyera pafupifupi ola limodzi ndi theka pa sabata: mphindi 45 kumvetsera ndekha, 30 kukhala naye, ndi kumuzonda pang'ono Lachitatu. Anthu awiri pa nthawi imodzi ndi amene ndingawakwanitse. Ndikayesa anayi, Lachisanu limayamba kudumphidwa, ndipo wogulitsa akaona kuti abwana aiwala kumvetsera, kapepala kaja kamagwera kuseri kwa desiki.

Mwezi wachinayi mnyamata uja anagulitsa zipangizo 11, wachisanu 14. Ndisadzitame nazo kwambiri. Mwezi wachisanuwo unali Meyi, anthu akukolola ndipo misika ya fodya itatsegulidwa, moti gulu lonse linakwera, ambiri anafika pa 24. Choyezera chabwino si kumuyerekeza ndi mwezi wake wapitawo, koma ndi anzake mwezi womwewo. Poyamba ankagulitsa zosakwana gawo limodzi mwa magawo atatu a zimene anzake ankagulitsa. Tsopano anali atapitirira theka. Macheza ake opitirira mphindi ziwiri anachoka pa anayi kufika pa 8 pa tsiku. Sanakhalepo nambala wani pa bolodi nthawi yonse imene ndinali pa kampaniyo, ndipo kuthamanga poyankhula sikunatheretu. Ntchito yokha anaisunga.

Lachisanu lina, miyezi ingapo pambuyo pake, tinali titasiya kale kukumana sabata iliyonse. Anagogoda pa chitseko changa atanyamula mahedifoni awiri.

"Abwana, muli ndi mphindi 10? Pali foni ya dzulo ya bambo ena a ku Nkhoma. Zonse zimayenda bwino, koma atangomva za dipoziti anazizira. Ndamvetsera kawiri, sindikupeza pamene ndinawataya."

Ndinakoka mpando. Pa mphindi yachisanu bambowo anafunsa ngati chipangizocho chingalandidwe akadwala n'kulephera kulipira, ndipo iye anayankha za batire. Ndinaimitsa, n'kubweza m'mbuyo masekondi 20, n'kumusiya amvenso.